Gavanansi ndi akauntabilite mu polise ya masamba 94: mumatani anzanga?

NyaMwale wa ku Katoto:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndikumasulira kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa polise ya kagwiridwe ntchito ka makhonsolo, masamba 94, ndipo iwerengedwa m'makomiti a chitukuko kumidzi. Ndasaka `accountab` ndi Ctrl+F, yatuluka ka 61. `governance` ka 48. Ndinayamba ndi "udindo" ndi "ulamuliro", koma pofika tsamba 30 "udindo" akuimira zinthu zitatu zosiyana, ndipo mutu wina watuluka "udindo ndi udindo wa makhansala". Chiganizo chimene chandimanga ndi ichi:

```
Councils shall be accountable for the use of devolved funds.
```

Gulosale, mndandanda wa mawu ndi kamasuliridwe kake, ilipo ya eni ntchito koma ndi ya mawu 15 okha, awiriwa mulibe.

Adada Gondwe:
Amama, liwu limodzi m'Chingerezi, liwu limodzi m'Chichewa. Gavanansi ndi "ulamuliro", pawailesi timamva "ulamuliro wabwino" tsiku ndi tsiku. Akauntabilite ikani "kuyankha pa zochita", mukanikize Replace All, mugone tulo.

Mayi Nachisale, Chibavi:
Replace All ayi, achemwali, mulira nayo. Akauntabilite m'Chingerezi amabisa anthu, pomwe Chichewa chimafuna aonekere. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti ndani akuyankha, kwa yani, pa chiyani, ndipo akalephera chimugwera n'chiyani. Mukatero muona kuti malo 61 aja agwera m'magulu atatu. Pena ndi kupereka lipoti la ndalama kwa woyang'anira, monga mkulu wofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma. Pena ndi kufotokozera anthu wamba zomwe mwachita ndi kulola kufunsidwa. Pena ndi kulandira chilango zikalakwika, ndipo pamenepo mawu ake ndi "kuimbidwa mlandu".

Chiganizo chanucho ine ndingati: "Makhonsolo ayenera kufotokoza momwe agwiritsira ntchito ndalama zomwe boma lawapatsa kuti aziyendetsa okha." Onani kuti sindinalembe kuti afotokozere yani, chifukwa Chingerezicho sichinanene. Musadziwonjezere "kwa anthu" ngakhale zikukoma m'khutu. Ngati ndime yapamwamba ikukamba za malipoti opita kuunduna, ndiye kuti mwapatsa anthu akumudzi lonjezo lomwe polise sinapereke, ndipo tsiku lina wina adzaimirira nalo pamsonkhano kwa bwanamkubwa. Malo otere alembeni pa pepala la mafunso: nambala ya tsamba, chiganizo, matanthauzo awiri omwe mukuona, ndi lomwe mwasankha pakadali pano. Tumizani kamodzi mafunso 20 kapena 30, osati limodzilimodzi pa foni, kuti yankho likhale lolembedwa.

Samalaninso ndi `shall`. Mukalemba "adzafotokoza" mwasandutsa lamulo kukhala ulosi. Ikani "ayenera", ndipo "angathe" musungire `may`.

Adada Gondwe:
Zonsezo n'zabwino, koma woona ntchito akadzatsegula mafayilo awiri n'kupeza liwu limodzi lamasuliridwa katatu mosiyana, adzalemba kuti womasulira sanatsate gulosale. Ndalama imadulidwa pamenepo. Liwu limodzi, liwu limodzi.

Mayi Nachisale, Chibavi:
Adada, pa mayina a maofesi, makomiti ndi malamulo mukunena zoona, amenewo asasinthe kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma gulosale imalola mizere itatu pa liwu limodzi. Mu OmegaT, pulogalamu ya pakompyuta yothandiza omasulira, fayilo ya `glossary.txt` ili ndi magawo atatu olekanitsidwa ndi Tab, ndipo lachitatulo ndi la ndemanga:

```
accountable	kupereka lipoti	ndalama, kwa woyang'anira
accountable	kufotokozera anthu	kwa nzika
accountable	kuimbidwa mlandu	pali chilango
```

Eni ntchito avomereze gulosaleyo musanapitirire tsamba 30. Woona ntchito akaiona yovomerezeka alibe podulira.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:
Pa gavanansi ndiponyepo mlomo. "Ulamuliro" umanunkha mpando. Munthu akamva amaganiza za amene akulamula, monga timanenera kuti mu ulamuliro wa a Kamuzu. Ukugwira bwino pokamba za dziko lonse, makamaka "ulamuliro wabwino" poti makutu anazolowera. Koma polise ikamakamba za komiti ya sukulu, ya chipatala kapena ya mjigo, nkhani ndi ya momwe amasankhira mamembala, amene amasaina cheke, ndi kangati amakumana. Pamenepo ndi "kayendetsedwe ka": kayendetsedwe ka khonsolo, kayendetsedwe ka ndalama. Vuto lake n'lakuti "kayendetsedwe" yemweyo mudzamufunanso pa manejimenti ndi adiminisitireshoni, ndipo mapolise amakonda kundandalika atatuwo m'chiganizo chimodzi. Ine pamenepo ndimamasula gavanansi kuti "momwe ziganizo zimamangidwira ndi omwe amazimanga", manejimenti n'kumusiyira "kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku". Chiganizo chimatalika, inde, ndiye muchidule pawiri.

Kamnyamata ka pa Mzuni:
Pepani akuluakulu, koma ngati ikawerengedwa kuno kumpoto, bwanji osamasulira m'Chitumbuka? Ndipo masamba 94 mumalipiritsa pa tsamba kapena pa liwu?

NyaMwale wa ku Katoto:
Achimwene, ya Chitumbuka anapatsa munthu wina, yanga ndi ya Chichewa. Za malipiro tsegulani nkhani ina.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:
Komabe mnyamatayu wakhudza penapake. Womasulira wa Chitumbukayo muuzane naye magulu atatu aja. Ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay mabuku awiriwa adzakhala pa tebulo limodzi, ndipo lina likati khonsolo ifotokozere anthu pomwe linzake likuti ipereke lipoti kuunduna, mkangano udzakhala wa inu omasulira. Chinanso, owerenga ambiri kuno Chichewa ndi chiyankhulo chachiwiri, choncho mawu akuya a ku Dedza kapena ku Ntchisi asiyeni. Tengani Chichewa cha pawailesi ndi cha m'kalasi.

Che Jafali wa ku Luwinga:
Inu mukulimbana ndi awiriwo, koma chimene chimagwetsa ntchito zotere ndi "ndondomeko". Polise ndondomeko, sitirateji ndondomeko, pulani ndondomeko, gaidilaini ndondomeko. Ndinaonapo kabuku kena chiganizo chake chikuti ndondomekoyi idzatsatira ndondomeko zomwe zili mu ndondomeko. Gawanitu lero: "ndondomeko" ya polise yokha, "njira" ya sitirateji, "pulani" ikhale pulani, "malangizo" a gaidilaini. Ndipo pamene mawu anakhazikika kale musapeke atsopano. Kuyambira pa ndondomeko ndi lamulo la maboma aang'ono za 1998, pokamba za kupereka mphamvu ku makhonsolo anthu amadziwa "mphamvu ku anthu". Mukabwera ndi dzina lanu adzaganiza kuti ndi pulogalamu ina yobwera ndi ndalama zake.

Mayi Nachisale, Chibavi:
Zoona Che Jafali. Muonjezerepo kuti akauntabilite amayenda ndi mnzake `transparency`, ndipo ambiri amawamanga mtolo umodzi kuti "kuchita zinthu poyera". Ndiye kuti mwamasulira theka. Khonsolo itha kumata ndalama zonse pa bolodi, poyera ndithu, koma osalola kufunsidwa. Kuti mudziwe ngati zagwira, musadalire womasulira mnzanu kubwezera m'Chingerezi, iye amalidziwa kale liwu lomwe linalipo ndipo angolibwezera. Tengani ndime zisanu, muwerengere mokweza anthu atatu kapena anayi a komiti ya chitukuko, muwafunse kuti apa ndani achite chiyani, ndipo akapanda kuchita mukadandaula kuti. Akayankha mosiyana, ndimeyo ibwerere pa tebulo.

Adada Gondwe:
Anthu a komiti sadula malipiro, amadula ndi woona ntchito. Ine ndikadali pomwepo, "ulamuliro" ndi "kuyankha pa zochita". Ndipo pamutu wa chaputala, pomwe palibe mneni, mulembapo chiyani amayi? Chiganizo chonse chija?

Mayi Nachisale, Chibavi:
Pamutu pokha ndikulolani, adada, "Kuyankha pa zochita" pakhale. M'kati mwa ndime ayi.

Che Jafali wa ku Luwinga:
Nanga m'matebulo a kumapeto aja, momwe bokosi limalowa mawu anayi okha? NyaMwale, polise yanuyo ili ndi tebulo la zizindikiro zoyezera ntchito?