Mlangizi wa zachuma akuti malangizo ake ndi aulere, nanga iye amadya pati?

Anaphiri:
Abale apagulu, ndithandizeni nzeru. Pali mlangizi wa zachuma amene akundiuza kuti ndilowe pulani ya inshuwalansi yosungirako ndalama ya zaka 20, ndizilipira 50,000 pamwezi. Nditamufunsa kuti ndimulipira zingati anati malangizo ndi aulere. Ndingadziwe bwanji ngati pulaniyi akundisankhira chifukwa ndi yabwino kwa ine, kapena chifukwa ndi yabwino kwa iye? Ndimufunse chiyani ndisanasaine?

Bambo a Chisomo:
Anaphiri, akati aulere akutanthauza kuti simudzamupatsa ndalama pamanja. Amene adzamulipire ndi kampani yomwe ili ndi pulaniyo, ndipo kampaniyo idzatenga ndalamazo pa zomwe inu mukulipira. Ndiye wolipira ndinu ndithu, kungoti ndalama zikudutsa njira yozungulira.

Pa mapulani a nthawi yaitali ngati awa, komishoni yambiri imaperekedwa kumayambiriro, chaka choyamba kapena chachiwiri. Kawirikawiri imawerengedwa potengera kuchuluka kwa zomwe mukulipira komanso kutalika kwa zaka. Ndiye kuti pulani ya zaka 20 imamupatsa iye zambiri kuposa ya zaka 10, ngakhale inu mutakhala kuti ndalamazo mudzazifuna pakatha zaka zisanu zokha. Apa ndi pamene zofuna zanu ndi zake zimasiyanirana.

Musanasaine, mupempheni tebulo losonyeza ndalama zomwe mungabwezeredwe mutasiya pulaniyo panjira, chaka ndi chaka. Liyenera kuchokera kukampani, osati lolemba yekha papepala. Kenako werengerani nokha. Pa 50,000 pamwezi, pomatha zaka ziwiri mudzakhala mutapereka 1,200,000. Tiyerekeze kuti tebulo likuti mutasiya pamenepo mudzalandira 400,000. Ndiye kuti 800,000 yapita ku komishoni, ku mtengo wa inshuwalansi ya moyo yomwe ili mkatimo, ndi ku chilango chosiyira panjira. Tsikani ndi chala pa tebulolo mpaka mupeze chaka chomwe zobwezedwa zikufanana ndi zomwe mwaperekazo. Ngati chakacho chili kutali kuposa nthawi yomwe mukutsimikiza kuti mudzakwanitsa kulipira osadumphitsa, pulaniyo si yanu.

Achimwene a Mphatso:
Musapatse munthu ndalama zanu mayi, anthu amenewa amathawa nazo. Mawa mudzangomva foni yazima.

Nachisale:
Achimwene, funso la Anaphiri si la akuba ayi, koma mwakumbutsa chinthu chofunika. Mlangizi woona salandira ndalama zanu mu akaunti yake kapena pa nambala yake ya foni. Ndalama zimapita molunjika ku akaunti ya kampani, ndipo lisiti ndi masitetimenti zimachokera kukampaniko m'dzina lanu. Za chiphaso, musakhutire ndi pepala lomwe wakuonetsani. Funsani nokha ku bungwe loyang'anira makampani a zachuma m'dziko lanu ngati dzina lake lili m'kaundula, komanso kuti analoledwa kugulitsa zinthu zanji. Wololedwa kugulitsa inshuwalansi sikuti waloledwanso kulangiza za masheya.

Koma chiphaso sichichotsa vuto lomwe Anaphiri akufunsa. Munthu atha kukhala ndi chiphaso chabwinobwino n'kukugulitsanibe chinthu chosakuyenerani. Mumufunse kuti, "Kodi mumagulitsa za makampani angati?" Ngati ndi ejenti wa kampani imodzi, zomwe angakupatseni ndi zomwe zili m'chikwama mwakemo basi. Si mlandu, koma muzidziwa kuti mukuyankhula ndi wogulitsa.

Malume a Yamikani:
Njira ndi imodzi yokha. Pezani mlangizi amene mumamulipira nokha, wosalandira komishoni. Ameneyo alibe mbali.

Bambo a Chisomo:
Malume, mwalondola theka. Zimatengera kuti mukumulipira motani. Ambiri osalandira komishoni amatenga peresenti ya ndalama zomwe akukuyang'anirani, mwina 1 peresenti pachaka. Taganizani munthu ali ndi 5,000,000 kwa mlangizi wotere, komanso ali ndi ngongole ya 2,000,000 ya chiwongoladzanja chokwera. Nzeru yabwino ingakhale kuchotsa 2,000,000 n'kubweza ngongoleyo. Koma akatero malipiro a mlangizi atsika kuchoka pa 50,000 kufika pa 30,000 pachaka. Kodi adzayamba yekha kunena zimenezo? Ena amanena, ndipo otere ndi ofunika kuwasunga. Koma chiyeso chilipo. Amene chiyeso chake n'chochepa kwambiri ndi wolipidwa mtengo wokhazikika pa ntchito imodzi kapena pa ola, chifukwa mugule kapena musagule, iye walandira zomwezo.

Ndipo maperesenti ang'onoang'onowa musawaderere. Ikani 1,000,000 kwa zaka 20, tiyerekeze ikukula ndi 8 peresenti pachaka asanadule kanthu. Ngati zodula zonse pamodzi ndi 0.5 peresenti pachaka, pamapeto muli ndi pafupifupi 4,248,000. Ngati ndi 2 peresenti, muli ndi pafupifupi 3,207,000. Kusiyanaku kukuposa ndalama yomwe munayamba nayo. Chifukwa chake n'chakuti chomwe adula chaka chino sichidzaberekanso phindu zaka zonse zotsalazo.

Anaphiri:
Zikomo bambo. Koma ndikafunsa za komishoni yake sadzaona ngati ndikumunyoza?

Nachisale:
Ayi mayi, ndalama ndi zanu. Funsani mwaulemu koma mosazungulira: "Ndikasaina pulaniyi, inu mulandira zingati chaka choyamba, nanga zaka zotsatira? Ndikasankha ya zaka 10, mulandira zingati?" Pemphani yankho la ndalama zenizeni, lolembedwa, osati maperesenti apakamwa. Funsaninso ngati kuntchito kwake anapatsidwa mlingo woti agulitse pamwezi, kapena ngati pali bonasi pa pulani imeneyi. Akayankha kuti "zimenezo si zanu, imalipira ndi kampani", mwadziwa kale.

Onaninso mmene anayambira. Kodi anakufunsani za ngongole zanu, za ndalama zapadera zothandizira pakagwa zadzidzidzi, za anthu omwe amadalira inu, ndi nthawi yomwe ndalamazi mudzazifune? Ngati anatulutsa fomu asanafunse zimenezi, pulaniyo anaisankha asanakudziweni.

Bambo a Chisomo:
China choti mudzachenjere nacho mukalowa. Makampani ambiri amamulanda ejenti gawo la komishoni ngati kasitomala wasiya m'zaka zoyambirira. N'chifukwa chake nthawi imeneyo amakuimbirani pafupipafupi. Nyengoyo ikadutsa, ejenti wosakhulupirika amabwera ndi nkhani yoti kwatuluka pulani yabwino kuposa, siyani yakaleyo. Mukasintha, inu mumalipira chilango chosiyira ndi zodula zakumayambiriro kachiwiri, iye n'kulandira komishoni yatsopano. Wina akadzakuuzani zosintha, alembe mbali ndi mbali zomwe mutaye ndi zomwe mupeze. Ndipo funsani lero ngati pali masiku oti mutha kubweza pulaniyo mutasaina kale, chifukwa malo ambiri lamulo limapereka mpata wotere, koma ndi waufupi.

Malume a Yamikani:
Ndavomera za peresentizo. Komabe ndikuti wolipidwa pa ola ndiye wabwino.

Nachisale:
Kwa amene ali ndi zambiri, inde malume. Koma munthu wosunga 50,000 pamwezi, mtengo wa mlangizi wa pa ola utha kumudyera zosunga za miyezi ingapo, ndipo si kulikonse komwe alangizi otere amapezeka. Kwa ine, wa komishoni amene akuulula zonse polemba aposa kusowa wolangiza n'komwe. Anaphiri, mukapeza tebulo lija bwerani nalo, mubise dzina ndi nambala yanu, tidzawerengere limodzi chaka chachiwiri ndi chachisanu.