Ndingamvane naye bwanji wogula chimanga pamene sitikukhulupirirana?

Mayi wa ku Mchinji: Akuluakulu, ndili ndi matumba 80 a chimanga ndipo wogula wapezeka, koma tikulephera kumvana. Iye akuti chimangacho sichinaume bwino, choncho akufuna kutsitsa mtengo, pamene ine sikelo yake sindikuikhulupirira. Kodi tingatani kuti mtengo uchokere pa zinthu zimene tonse tingazione, osati pa kulimba kwa pakamwa?

Bambo wa ku Dowa: Mayi, Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse. Muonetseni mtengo umenewo, nkhani ithere pomwepo.

Yemwe kale ankagula mbewu: Mtengo wa bomawo ndi malire apansi chabe, ndipo suthetsa mkangano wa sikelo kapena wa chinyezi. Mayi, musanatchulenso ndalama, yambani mwagwirizana za miyeso, chifukwa munthu savuta kuvomera muyeso pamene sanadziwe kuti ukomera ndani.

Sikelo ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ikapanda kupezeka, yesani yakeyo ndi malita 20 a madzi, omwe amalemera makilogalamu 20 mukachotsera kulemera kwa chigubu.

Pa chinyezi, iye asankhe matumba asanu, inunso asanu, mutapemo pang'onopang'ono, musakanize, ndipo mupime ndi kachipangizo koyezera chinyezi nonse mukuona. Tiyerekeze kuti munagwirizana kuti chouma bwino ndi cha 13 pa 100, koma chanu chapezeka ndi 16. Mu thumba la makilogalamu 50, gawo lopanda madzi ndi makilogalamu 42, ndipo mukagawa 42 ndi 0.87, lomwe ndi gawo lopanda madzi pa chinyezi cha 13 pa 100, mupeza makilogalamu 48.3, kulemera kwa thumbalo likauma bwino. Ndiye kuti ayenera kuchotsa makilogalamu 1.7 pa thumba, kapena 136 pa matumba onse. Akanena kuti achotse asanu pa thumba, mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni masamu ake. Chikapezeka chouma, asachotse kanthu, ndipo zimenezi mulemberane musanapime.

Mtengo wa kilogalamu muutenge m'misika itatu imene nonse mwaivomereza, pa tsiku limodzi, ndipo mugwiritse ntchito wapakati.

Mlimi wa ku Kasungu: Ine sindigulitsa nthawi yokolola. Sungani mpaka Januwale, mtengo ukakwera ogula adzakufunani okha.

Mayi wa ku Mchinji: Zikomo bambo, koma ndalamazo zikufunika mwezi uno. Chimene chikundivuta n'chakuti kachipangizoko ali nako ndi wogula yemweyo.

Wogula mbewu wa ku Lilongwe: Kabwerekeni kena kwa alangizi a zaulimi kapena ku kopaletivi, ngati ali nako, kuti muyerekeze. Komabe miyesoyo isakomere mlimi yekha. Mtengo wa ku Lilongwe sungafanane ndi wa pakhomo panu pamene galimoto ndi onyamula ndikulipira ndine, ndiponso chimanga chonyowa ndimayenera kuchiyanikanso chisanachite nkhungu. Ntchito imeneyo masamu a 1.7 aja sanaiwerengere.

Yemwe kale ankagula mbewu: Za galimoto ndikuvomereza, bola mtengo wake ufunsidwe kwa madalaivala awiri osadziwana ndi wogula. Za kuyanikazo sindikuvomereza, chifukwa mayiwa akhoza kuyanika okha n'kupimitsanso.