Vaiva ya wodi ya ana yatsala masiku 9, mayankho ndili nawo papepala koma pakamwa sakutuluka

Nabanda: Akuluakulu muli bwanji muno. Ine ndine wa intani uja ndili kuno ku Nkhotakota, ndikumaliza wodi ya ana nde pali vaiva, mayeso a pakamwa aja, Lachisanu la sabata ya mawa. Anzanga amene anadutsa kale anandipatsa mafunso 23 omwe anawafunsa, ndayankha onse mukope, ena tsamba lathunthu ena masamba awiri. Koma dzulo mnzanga wa mnyumba anandifunsa limodzi lokha, lija loti mwana wa zaka 2, makilo 12, wabwera akukomoka thupi latentha, malungo apezeka, utani. Abale ndinayamba ndi kufotokoza kuti malungo ndi chani, ndinafika mpaka pa udzudzu, mphindi zitatu zatha mwana uja sindinamukhudze nkomwe kkkk. Nde ndipange bwanji kuti zolembazi zisanduke zoyankhula

Jere wa ku Dwangwa: Kuloweza basi mlongo. Ine ndinkangowerenga yankho lililonse ka 10 mpaka lizituluka ngati Atate Wathu. Pa funso limenelo ungoti atesuneti 2.4 mg/kg, ola la 0, la 12 ndi la 24, watha, iwo amangofuna manambala

Bambo Phiri: A Jere, manambala amafunadi koma mwana wa makilo 12 mwamupatsa wochepa pamenepo. Wosakwana makilo 20 ndi 3 mg/kg, 2.4 ndi ya kuyambira 20 kupita mtsogolo. Ndipo taonani, kuloweza kwakupusitsani pompano gulu lonse likuona: mwatchula nambala imene inali mmutu osayang'ana mwana amene ali mu funso.

Nabanda mwana wanga, ine ndakhalapo mbali inayo ya tebulo kangapo, ndikuuze zimene timamvetsera. Yankho lolemba limayamba ndi tanthauzo chifukwa wochonga ali ndi pepala, akhoza kudumpha ndime nkupeza zomwe akufuna mmunsimo. Khutu silidumpha ndime. Wofunsa amamva zimene wayamba nazo ndipo nthawi zambiri amakudula usanafike pakati. Nde chinthu choyamba, tenga yankho lako la masamba awiri lija ulitembenuze, zimene unalemba kumapeto zibwere poyamba. Chiganizo choyamba chinene chimene chavuta ndi kuti nchangozi bwanji. Kenako uyende ngati mmene manja ako amayendera mwanayo akamugoneka pa bedi la ETAT, pothandizira ana odwala mwakayakaya, osati mmene buku linasanjira mitu.

Nabanda: Bambo mungandiyankhulireko funso lomwelo ndimve mmene zimamvekera? Chifukwa mmutu ndikumva koma ndikangotsegula pakamwa chimabwera ndi chiyambi cha buku

Bambo Phiri: Ndilemba mChichewa, iwe ukalinena mchizungu. Ine ndingati: uyu ndi mwana wa malungo aakulu amene akukomoka, sadikira pamzere, ndiitana ondithandiza nkuyamba pompo. Ndimugoneka chammbali, ndiona ngati njira ya mpweya ili yotseguka, ndimuika pa okosijeni. Ndiyeza shuga nthawi yomweyo ndikuika kanyula, akakhala wotsika kapena ngati choyezera palibe ndimupatsa dekisitolozi wa 10%, 5 ml/kg, kwa iyeyu ndi 60 ml. Kukomoka kukapitirira ndimupatsa dayazipamu kudzera kotulukira chimbudzi, 0.5 mg/kg, ndiye 6 mg, ndikuyang'anira kapumidwe. Atesuneti 3 mg/kg, ndiye 36 mg, pompo, kenako pa maola 12 ndi pa 24. Nditumiza magazi aone ngati sakuchepa, ndipo sindiiwala kuti mwana wokomoka thupi litatentha akhoza kukhalanso ndi menenjaitisi ngakhale malungo apezeka.

Pamenepo ndimakhala chete. Tayesa kunena mokweza uone, sizipitirira mphindi imodzi ndi theka. Taona kuti nambala iliyonse ndaichulukitsa ndi makilo 12. Ukangoti 3 mg/kg nkusiya, funso lotsatira ukulidziwa kale, ndiye ndi zingati, ndipo masamu a 3 kuchulukitsa 12 amene ngakhale mwana wa sitandade 4 amatha, pamaso pa anthu atatu okuyang'ana amasanduka phiri.

Chikondi: Ine intavyu yanga anandifunsa kuti ukufuniranji ntchitoyi komanso zaka zisanu zikubwerazi udzakhala pati, nde ukonzekerenso zimenezo. Ndipo uvale bwino, ine ndinapita ndi jekete kutentha konseku

Jere wa ku Dwangwa: Aise si intavyu ya ntchito iyi kkkk, ndi vaiva ya kuwodi

Chikondi: Aaa pepani ndawerenga mothamanga ndili pa kabaza. Koma za jekete musavale ndithu, ndinatuluka nditanyowa ngati ndagwera mu Chia

Nabanda: Kkkk ndamva. Koma bambo chikundiopsa ndi kukhala cheteko. Ine ndimaona ngati ndikasiya kuyankhula aziti ndathera pomwepo, nde ndimangopitiriza kuthira zonse zomwe ndikudziwa

Sisita Mwale: Ndilowererepo ngakhale ndine namwino, ifenso timafunsidwa pakamwa. Kuthira zonseko ndi kumene kunandigwetsa ine ulendo woyamba. Ndinayankha bwinobwino, nkuona kuti angoti duu akundiyang'ana, mantha anandigwira nde ndinawonjezera za mankhwala ena amene ndinangowaona pa bolodi, mlingo wake sindinkaudziwa. Mayi wina anangoweramuka nkuti eya tiuzeni za amenewo. Ndinadzikumbira ndekha dzenje. Chilichonse chimene watchula ndi chitseko chimene wawatsegulira, nde uzitchula zokhazo zimene ungalowemo nawo.

Chimene ndinachita kachiwiri, funso lililonse ndinalipatsa kapepala kamodzi kakang'ono kokwana mthumba la yunifolomu. Kutsogolo funso, kumbuyo mawu osapitirira 7, osati ziganizo ayi, mawu okha. La mwana wanuyo lingakhale: ngozi, mpweya, shuga, kukomoka, atesuneti, magazi, menenjaitisi. Ukamanena kuchokera pa mawu 7 amenewo ziganizo zimatuluka zosiyana tsiku lililonse koma ndondomeko siisintha, ndipo akakudula pakati umadziwa pamene unali. Woloweza ndime akamudula amabwerera poyambirira ngati kaseti

Jere wa ku Dwangwa: Apo ndavomera, ine anandidula pa chiganizo chachiwiri ndipo zonse zinauluka. Koma manambala okha ndiye muloweze ndithu, amenewo sungawapeke

Bambo Phiri: Zoona a Jere, milingo ilowezedwe. Tsopano Nabanda, mafunso 23 akowo si 23 ayi. Anzako amakumbukira funso loyamba lokha, koma malikisi ambiri ali pa mafunso otsatira amene sanakulembere. Pansi pa kapepala kalikonse lemba atatu amene iweyo ungafunse utakhala wankhanza. Pa mwana wathuyu ine ndingakufunse chonchi. 36 mg ija mu sirinji ndi zingati? Uyenera kunena kuti kabotolo ka 60 mg umasungunula ndi 1 ml ya bayikaboneti amene amabwera nako, ukugwedeza mpaka ayere, nkuwonjezera 5 ml ya selaini kuti apite mumtsempha, zimakhala 10 mg pa 1 ml, nde mwanayu alandira 3.6 ml. Kenako ndikuti, dekisitolozi wa 10% watha, mukabati muli wa 50% yekha. Uyankha kuti gawo limodzi la 50% ndi magawo 4 a madzi a jakisoni, ndiye 12 ml ndi 48 ml, zakwana 60 ml zija. Funso lachitatu, mwana watsitsimuka pa maola 12 akudya phala, usiya atesuneti? Ayi, amalize katatu konse mpaka pa maola 24, kenako LA wathunthu wa masiku atatu.

Ukaona mafunsowa onse ndi a munthu amene waigwirapo ntchitoyo ndi manja. Nchifukwa chake ndimati ukakhala pa nayiti ukusungunula atesuneti uzinena chamumtima zimene manja akuchita.

Nabanda: Eeh la 50% lija likanandipha ndithu. Nanga shuga wotsika ndinene kuti ndi pansi pa zingati? Mukope ndinalemba 2.2, mnzanga akuti 2.5, pa khoma la kuwodi ndinaonapo 3

Jere wa ku Dwangwa: 2.2 imeneyo, ndi imene ili pa mndandanda wa zizindikiro za malungo aakulu

Sisita Mwale: Ife pa ETAT anatiphunzitsa 2.5, ndipo 3 kwa mwana wonyentchera

Bambo Phiri: Nonse simukunama, manambalawa amachokera mmabuku osiyana ndipo ntchito zake nzosiyana, ina ndi yotchulira kuti awa ndi malungo aakulu, ina ndi yoyambira kupereka shuga. Pa vaiva usangoponya nambala yokhayokha, unene nambala ndi kumene waitenga, nkuwonjezera kuti mwana wokomoka shuga ali 2.8 sungamusiye poti sanafike pa 2.5. Koma upite ukafunse wamkulu wa wodi yanuyo buku limene akutsata, chifukwa ndi iyeyo adzakhale patebulo osati ine.

Sisita Mwale: China, udzijambule mawu pafoni. Zimanyansa kudzimvera koma ndi pomwe umagwira zinthu. Ine ndinapeza kuti ndimayamba yankho lililonse ndi kubwereza funso lonse, masekondi 20 apita, komanso pa manambala mawu anga ankatsika ngati ndikupempha ngongole. Ukamva pamene mawu atsika dziwa kuti pamenepo sukudziwa bwino, bwerera ku buku pa malo okhawo osati mutu wonse

Nabanda: Nanga ndiziyeserera mChichewa kaye kapena mchizungu? Mnzanga wa mnyumbayu si wachipatala, amagulitsa mpunga pamsika

Jere wa ku Dwangwa: Chizungu kuyambira lero, lilime lizolowere. Ukayeserera mChichewa tsikulo uzidzamasulira mmutu nde chibwibwi chimayambira pomwepo

Sisita Mwale: Ine ayi, ndinkayamba mChichewa kamodzi kufotokozera mayi anga, pamene ndakanika kuwafotokozera ndimadziwa kuti ndangoloweza mawu osamva. Kenako chizungu kawiri katatu. Ndipo wa mpungayo ndi wabwino, mupatse timapepalato azisakaniza, azikudula pakati nkufunsa chifukwa chani, sakusowa kudziwa yankho

Bambo Phiri: Apo sindigamula, ndaona odutsa bwino a njira zonse ziwiri. Masiku 9 pa mafunso 23, ndiye atatu patsiku, lachisanu ndi chitatu awiri otsalawo, lomaliza kungosakaniza. Yamba ndi amene ali ndi milingo ya mankhwala. Mawa ndili pa kolo, ukapeza mpata cha mma 4 unditumizire mawu a funso la mwanayu, koma ndamusintha, tsopano ali ndi makilo 22.

Nabanda: 22 ndiye wadutsa 20, abwerera pa 2.4 ya a Jere ija... 52.8 mg, kabotolo kamodzi kakwanabe. Dekisitolozi 110 ml. Dayazipamu ndiwerengere kaye magetsi angozima kuno

Jere wa ku Dwangwa: Mwaona 2.4 yanga ija yagwira ntchito kkkk