Kyu yanga ikuti ilibe kanthu pomwe ndaikamo zinthu 5, thandizeni

Wofunsa: Abale ndithandizeni, asayimenti ikufunika mawa ndipo sindinagone masiku awiri. Mnzanga wa gulu limodzi sakuyankha foni chikhalirecho dzina lake lilembedwa pa ntchitoyi, laputopu nayo ikungozima. Ndapanga kyu yozungulira pa arei, `SIZE` ndi 5. Ndikaika zinthu 4 zonse bho, koma ndikaika chachisanu `isEmpty()` ikuvomera kuti mulibe kanthu, chachisanu ndi chimodzi chikufufuta choyamba chija. Ndalakwitsa pati?

Mkulu wa Malisiti: SIYANI AREI. Linkidi lisiti basi, siidzadza. Ana a masiku ano mumakonda kudzizunza.

Mlongo wa khodi: Achimwene, khodi yake ili kuti? Ndikuganiza kuti `front` ndi `rear` zonse zayambira pa 0, ndipo mukaika chinthu mukuchita `rear = (rear + 1) % SIZE`. Werengani nokha, `rear` ikupita 1, 2, 3, 4, kenako 5 % 5 ndi 0, yabwerera pomwe pali `front`. Ndiye ngati mukuyesa ndi `front == rear`, kyu yodzadza ndi yopanda kanthu zikuoneka chimodzimodzi, pulogalamu singazisiyanitse.

Wachaka chachiwiri: Ingonenani kuti yadzadza `rear == SIZE - 1`, ine zinanditheka.

Mlongo wa khodi: Zinatheka chifukwa simunachotsemo kanthu. Ikani 4, chotsani 2. `front` ili pa 2, `rear` pa 4, muli zinthu ziwiri zokha koma yanuyo ikana kulandira. Chochita ndi kusiya malo amodzi osaikamo:

```
full:  (rear + 1) % SIZE == front
empty: front == rear
```

Arei ya 5 izisunga 4 basi. Mukafuna 5 ipangeni ya 6.

Mkulu wa Malisiti: Mwaona? KUTAYA MEMORE.

Wa tizipangizo: Akulu, malo amodzi okhawo? Lisiti yanuyo chinthu chilichonse chimanyamula pointa yake.

Mkulu wa Malisiti: Ine ndinayamba khodi inu musanabadwe.

Mayi wa ziwerengero: Bwanji osangoika `count`? Mukaika onjezani 1, mukachotsa chepetsani 1. Ikakhala 0 mulibe kanthu, ikafika `SIZE` yadzadza, malo onse 5 agwira ntchito.

Wa tizipangizo: `count` yomweyo inandiliza ine mayi. Intarapiti imaika, lupu yaikulu imachotsa, zonse zikulemba pa `count` imodzi, nambala inayamba kusokonekera mwa apo ndi apo, sabata yathunthu ndikusaka. Njira yosiya malo ija woika amangosintha `rear`, wochotsa `front`.

Mayi wa ziwerengero: Mwanayu akulemba asayimenti, intarapiti aitenga kuti?

Wofunsa: Ndaika za achemwali zija, tsopano ikuti yadzadza ndisanaikemo chilichonse, ndipo mnzanga uja walemba kuti ali kumaliro koma ndamuona pa intaneti.

Mlongo wa khodi: Ndiye `rear` yanu ikuyambira pati, pa -1? Chifukwa (-1 + 1) % 5 ndi 0, yafanana kale ndi `front`. Zanga zija zimafuna `rear` yoloza malo otsatira opanda kanthu, osati chinthu chomaliza. Tumizani `enqueue` yonse tione.

Mkulu wa Malisiti: LINKIDI LISITI ndanena kale.