Yankho la bwana lafika kwa sapulaya, chonsecho ndinawaika pa Bcc

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Timafuna mapepala ndi tona, ndiye tinapempha makoteshoni kwa masapulaya atatu. Mmodzi atatumiza yake, ndinamuyankha kumufunsa tsiku limene angabweretse katundu. Pa To ndinaika iyeyo, pa Cc a akaunti athu, pa Bcc bwana, kuti angoona mmene zikuyendera. Bwana ayankha pafoni kuti mtengo wa ameneyu wakwera, atchulanso mtengo wa sapulaya wachiwiri, n'kunena kuti timusunge kaye tisamukane. Pano sapulaya uja wandiimbira, akuti akhoza kutsitsa kufika pa mtengo wa mnzakeyo. Zamufika bwanji pomwe bwana anali pa Bcc? Ndipo kodi uthengawo ungabwezedwe?

Jere: Mwina mwaona molakwika achemwali. Ine ndimadziwa kuti Bcc ndi yobisa. Wa pa Bcc sakhudzidwa ndi Reply All. Taonaninso, mwina bwana munawaika pa Cc.

Mbewe: A Jere, zimene mwanenazo n'zoona mbali imodzi yokha. Sapulaya akanadina Reply All, yankho lake silikanafika kwa bwana, chifukwa imelo imene iye analandira ilibe adiresi ya bwana paliponse. Koma imene bwana analandira ikuonetsa zonse: yachokera kwa Nabanda, To ndi sapulaya, Cc ndi a akaunti. Bwana akadina Reply All, foni imatola maadiresi onse amene ikuwaonawo n'kuwaika pa yankho. Bcc imabisa bwana kwa ena, koma sibisa ena kwa bwana. Ndiye sapulaya wadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtengo wa mnzake, komanso kuti bwana amawerenga nawo mwakabisira.

A Nabanda, tsegulani yankho la bwanalo, dinani pamwamba pomwe pali maina kuti onse aoneke. Mupeza sapulaya alipo.

Nabanda: Alipodi. Eeh. Nanga Recall ija yobwezera uthenga?

Mbewe: Musayiyembekezere. Recall ya mu Outlook imagwira ntchito pakati pa anthu a bungwe limodzi, amene maimelo awo ali pa Exchange kapena Microsoft 365 imodzi. Imelo ikatuluka kupita kwa munthu wakunja, yapita. Ndiponso woyenera kuyesa ndi amene anatumiza, kutanthauza bwana, osati inu. Pa Gmail pali Undo Send, koma iyo sibweza kanthu, imangochedwetsa kutumiza. Mumasankha masekondi 5, 10, 20 kapena 30 mu Settings, pansi pa General. Ikani 30. Pano poti munthu wawerenga kale mpaka kuimba foni, zimenezi zatha ntchito.

Mtsogolo muno, bwana musamawaike pa Bcc pa imelo yopita kunja. Tumizani kwa sapulaya kaye, kenako lowani mu Sent, dinani Forward, lembani adiresi ya bwana yokha ndi mzere umodzi wowauza nkhani. Pa imelo imeneyo ngakhale adine Reply All kakhumi, yankho libwera kwa inu nokha, chifukwa palibenso wina woti foni imutole.

Nachisale: Zimenezi zandikumbutsa zathu, ngakhale zathu sinali Bcc. Mtsikana wina amene anali kuphunzira ntchito muno amalemba kalata yopempha koteshoni. Pofuna kusavutika anatsegula imelo yakale ya sapulaya wina, kudina Reply All, kusintha mutu, kulemba zatsopano, n'kusiya mu Drafts kudikira chilolezo. Mawa lake anangowonjezera adiresi yatsopano n'kutumiza. Pa Cc panali patatsala anthu a kampani yakale ija, ndipo pansi, mobisika kuseri kwa timadontho titatu tija, munali makambirano onse a mitengo ya chaka chatha. Chiyambire pamenepo ndimawauza kuti kalata yatsopano iyambe pa imelo yatsopano, ndipo To ikhale yopanda kanthu mpaka zonse zitalembedwa ndi kumatidwa. Imelo yopanda adiresi singachoke ngakhale chala chiterereke.

Jere: Chabwino, ndagonja pa za Reply All. Koma musaiphe Bcc. Ine popempha makoteshoni ndimaika adiresi yanga pa To, masapulaya onse pa Bcc, imelo imodzi basi. Saonana, ndipo wina akadina Reply All zimabwera kwa ine ndekha. Apa cholakwika n'chiyani?

Mbewe: Apo ikugwira bwino, bola pa To ndi pa Cc pasakhale wina aliyense koma inu. Mukaika a akaunti pa Cc, dziwani kuti koteshoni ya wodina Reply All ifikanso kwa iwo. Vuto lake n'lakuti zonse zadalira kuti dzanja lanu lisaphonye kabokosi. Mu 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza kalata ya nkhani kwa anthu pafupifupi 780 a kiliniki ya HIV, maadiresi onse ali poonekera m'malo mwa Bcc. Ambiri mwa maadiresiwo anali ndi maina enieni a anthu. Bungwe loyang'anira zinsinsi za anthu kumeneko, ICO, linawalipiritsa mapaundi 180,000 mu 2016. Masapulaya atatu si nkhani yaikulu chotero ayi, koma mndandanda wa odwala, wa ofunsira ntchito kapena wa angongole ine sindingautumize pa Bcc. Aliyense alandire yakeyake, ngati ndi ambiri gwiritsani ntchito Mail Merge.

Nachisale: Ndipo atatu okha mpaka Bcc, a Jere? Maimelo atatu ndi mphindi zisanu. Komanso mayankho akabwera, pa Gmail amaunjikana pa ulusi umodzi, ndiye poyankha mothamanga umatha kuyankha munthu wolakwika.

Jere: Mukhale ndi masapulaya makumi awiri mayi, mudzandiuze za mphindi zisanuzo.

Kaliati wa sitolo: Pepani ndalowa mochedwa. Ine langa ndi lina: ndimaikidwa pa Cc maimelo ambirimbiri, kenako ndimafunsidwa chifukwa chiyani sindinakonze malo oika katundu. Ndiye Cc ndi lamulo kapena?

Nachisale: Si lamulo bambo. Amene akufunika kuchitapo kanthu aikidwe pa To ndipo atchulidwe dzina mkati mwa uthenga. Cc ndi ya woti angodziwa, ndipo onse akuona kuti wadziwa. Akakufunsani, aonetseni pomwe anakuikani. Koma tibwerere kwa Nabanda, sapulaya akudikira yankho.

Nabanda: Ndi pamenepo pandivuta. Ndivomere mtengo watsopanowo? Ndi wotsikadi.

Mbewe: Izo zapitirira za makompyuta, koma ine sindingavomere chamseri. Munthuyo watsitsa ataona mtengo wa mnzake, ndipo umboni wake uli mu imelo ya bwana imene a akaunti alinso nayo. Ofufuza mabuku akadzabwera adzaupeza.

Nachisale: Lembani kwa bwana ndi a akaunti okha, pa imelo yatsopano osati pa ulusi uja, chifukwa sapulaya akadali pamenepo. Fotokozani zimene zachitika mosaloza chala, iwo agamule. Ine ndikanakhala iwo ndikanapempha onse atatu atumizenso mitengo yawo yomaliza pa tsiku limodzi.

Jere: Kutero n'kupondereza wachiwiri uja. Mtengo wake wadziwika kale, iye sakudziwa wa anzake. Gwiritsani ntchito makoteshoni oyamba momwe anabwerera, wotsika mtengo apate.

Nabanda: Ndalemba imelo yatsopano, maina awiri okha pa To, ndawerenga kawiri. Ndaikamo njira zonse ziwiri, ya mayi Nachisale ndi ya a Jere. Bwana ali pamsonkhano mpaka 3 koloko, sapulaya ndamuuza kuti timuyankha mawa.