K20,000 ya Anabanda: tiwaitane alangizi?

Anaphiri (mlembi): Amayi ndi abambo a gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, nkhani ija yakhalitsa. Anabanda anatenga ngongole ya K60,000, ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti inakwana K72,000. Anabweza pa foni ku nambala ya amsungichuma Anambewe, meseji ali nayo. Koma pamkeka panafika K52,000, owerenga ndalama anawerenga yomweyo, inenso ndinalemba yomweyo. Ndiye buku likuti akadali ndi ngongole ya K20,000, ndipo mwezi uno ibereka K4,000. Takambirana misonkhano iwiri osamvana. Ine ndikuti tiitane alangizi amene anatiphunzitsa za gululi. Ndalemba pano dala kuti Anambewe aone okha, sindinaimbire munthu aliyense.

Anabanda: Ine ndinabweza yonse. K4,000 imeneyo musandiwerengere chonde.

Achisale: Alangizi abwere ndithu, koma mwalakwitsa kulengeza. Mukanangowaimbira mwakachetechete atulukire pamsonkhano. Munthu ukamuchenjeza amakonza mabuku.

Anagama: Achisale, mabuku ake ati? Buku lalikulu lili m'bokosi, bokosi lili ndi maloko atatu, kiyi imodzi ili ndi inu nomwe. Anambewe amasunga bokosi koma sangalitsegule okha. Palibe choti abise, ndiye kuwazembera kungotibweretsera udani basi. Komanso alangizi akafika, funso lawo loyamba limakhala lakuti, kodi mwini wake mwamuuza? Mukati ayi, nkhani imasiya kukhala ya ndalama, imasanduka ya miseche.

Anajere: Ndiye mukuti tikupita ku polisi? Ine za ku polisi ayi, amuna anga sangalole.

Anagama: Ayi mayi, palibe watchula polisi. Ngakhale kwa amfumu sitinafikeko, chifukwa kumeneko imakhala milandu, wina ayenera kupezeka wolakwa pamaso pa mudzi wonse. Alangizi ndi amene anatiphunzitsa kalembedwe ka mabuku, akubwera kudzaona chifukwa chake meseji ndi buku sizikugwirizana.

Anambewe (msungichuma): Ndawerenga zonse. Zandipweteka, koma bola mwanena ndikuona kusiyana n'kukamva kuchigayo. K72,000 ndinalandiradi. Usiku womwewo mnzathu wina wa m'gulu lino mwana wake anadwalika, ndinamupatsa K20,000 ya mayendedwe akuchipatala. Anati abweza tsiku la msonkhano lisanafike ndipo anandipempha kuti ndisamutchule. Mpaka lero sanabweze. Ine sindinadye ndalama ya munthu.

Achisale: Nanga thumba ladzidzidzi timasonkheranji? Malamulo athu amati ndalama imatuluka pamsonkhano, tonse tikuona.

Anambewe: Bokosi linali lokhoma, abambo. Ndikanakudzutsani usiku ndi kiyi wanuyo mukanabwera?

Anankhoma: Poti alangizi akubwera, aonenso chindapusa changa cha K500. Tsiku lija sindinachedwe, wotchi ya apampando ndi imene inathamanga.

Anagama: Anankhoma, imeneyo isungeni ya pamsonkhano. Tikapita ndi nkhani zambiri zizioneka ngati tikusaka zifukwa. Anaphiri, ine ndingachite motere. Mawa mupite kwa Anambewe, mukhale pansi awiri, mulembe limodzi uthenga wopita kwa alangizi, ndipo utumizidwe ndi apampando, osati inu. Mawu ake akhale a manambala okhaokha: meseji ikuti K72,000, buku likuti K52,000, takambirana kawiri, tikupempha mudzatithandize. Mawu akuti "yasowa" kapena "yabedwa" asapezekemo. Zimene Anambewe afotokoza panozi akazinene ndi pakamwa pawo, wina asawanenere. Tsiku lobwera alangizi pakhale kabuku ka masheya ka Anabanda, foni yawo ndi foni ya Anambewe, kuti mameseji awiriwo aonedwe pamodzi.

Anaphiri: Ndavomera. Anambewe, ndifike nthawi yanji? Ine sindikulimbana nanu, koma dzanja lolemba m'bukumo ndi langa, ndipo pogawana mu Disembala adzafunsa ine.

Anambewe: Bwerani madzulo ndikaweruka kumunda. Koma dzina la munthuyo sinditchula pagulu. Alangizi ndingawauze pambali.

Achisale: Pambali ayi. Takana zamseri kwa Anaphiri, ndiye tizilole kwa inu? Ndalama ndi ya tonse.

Anagama: Apa mwanena zoona pang'ono. Koma tiyeni timpatse mpata mwiniwakeyo. Uthengawu akuuwerenga, ali ndi masiku ano kuti abwere yekha kwa apampando.

Abanda (wapampando): Zamveka. Uthenga ukalembedwa nditumizireni, ndiuika pano kaye kuti aliyense auone ndisanautumize. Msonkhano wa Lachinayi ndiwapempha alangizi akhalepo. Ndalama ya kabaza yawo tikambirana komweko kuti ichokere pati.

Anabanda: Zonsezi ndamva, koma funso langa simunayankhe. K4,000 ija alipira ndani?

Achisale: Amene anatulutsa ndalama kunja kwa msonkhano.

Anambewe: Ineyo ndilipire chiwongoladzanja chifukwa chothandiza mwana wodwala?

Abanda: Limeneli likhale funso lachiwiri mu uthengawo. Anaphiri, musalembe kanthu pa dzina la Anabanda mpaka Lachinayi.