Cheke cha thonje chija chatuluka

Ndinafunsa sabata yatha kuti: "Cheke cha malume cha thonje achibweza ku banki ku Nchalo, vuto lingakhale chiyani?"

Abale, vuto lapezeka. M'kabokosi ka manambala munali K150,000, koma pamzere wa mawu wogula analemba pachingerezi kuti 115,000. Fifitini ndi fifite zinamusokoneza! Mwalamulo mawu ndiwo amaposa manambala, koma a kubanki safuna kulosera, amangobweza.

Malume anafuna kukonza okha ndi bolopeni, ndinawagwira dzanja. Wokonza ndi wolemba cheke yekha, asainirenso pambali pa chokonzacho. Tinakwera kabaza mpaka ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo, wogulayo n'kulemba china. Tisanachoke ndinawerenga mawuwo mokweza, chala chili pa maziro anayi aja.